Kanyali ka pa Galasi ndi Khosi la Woyendetsa

Mwa galimoto zogwirapo kale ntchito zimene zikulowa m'dziko muno kuchokera ku Japan, zilipo zina zimene zili ndi kanyali kakang'ono kachikasu pa galasi la m'mbali. Kanyaliko kamayaka pamene galimoto ina yafika pambali panu chakumbuyo, pamalo paja pamene galasi silionetsa ndiponso diso silifika pokhapokha munthu atatembenuza khosi. Kawirikawiri galimoto zomwezo zimaliranso pamene mukubwerera chambuyo, ngati kumbuyoko kukudutsa galimoto ina chopingasa. Pa batani kapena pa chionetsero cha kutsogolo kwa chiwongolero, a Toyota ndi a Mazda amalemba BSM kutanthauza chipangizo choyambacho, ndipo chachiwiricho chimadziwika ndi zilembo zakuti RCTA. A Nissan amalemba BSW, a Volvo BLIS. Maina ndi osiyana, koma ntchito ndi imodzi.

Ambiri mwa awerengi a tsamba lino amene angomaliza sukulu akuphunzira kuyendetsa, ena pofuna ntchito ya udalaivala, ndipo aphunzitsi anzanga ena adzimana zaka zingapo kuti agule galimoto. Funso limene tiyenera kulisinkha ndi lakuti, kodi kanyali aka tikakhulupirire mpaka pati?

Tiyambe ndi m'mene zipangizozi zimaonera. M'galimoto zambiri, kuseri kwa bampala ya kumbuyo, m'ngodya zonse ziwiri, muli timabokosi tiwiri tokula ngati chikhatho cha munthu. Timabokosito timatumiza mafunde a wailesi amene amadutsa pulasitiki ya bampala, nakagunda chinthu chimene chili pafupi, nabwerera. Njira imeneyi ndiyo imatchedwa rada. Poyeza nthawi imene mafundewo atenga kuti abwerere, ndiponso m'mene asinthira pobwerapo, kabokosiko kamadziwa kutalika kwa pamene pali chinthucho ndi liwiro lake. Galimoto ikamapita kutsogolo, timabokosito timayang'anira kanjira ka pambali panu. Mukaika giya yobwerera chambuyo, timabokosi tomweto timayamba kuyang'ana kumanja ndi kumanzere kwa kumbuyo kwanu. Chotero BSM ndi RCTA ndi ana a mimba imodzi, ndipo chimene chadwalitsa mmodzi chimadwalitsanso mnzake.

Palibe chifukwa chonyozera zipangizozi, pakuti phindu lake linayesedwa. M'chaka cha 2017, bungwe la IIHS la ku America, limene limafufuza za ngozi za pamsewu m'malo mwa makampani a inshuwalansi, linapeza kuti galimoto zokhala ndi kanyali aka zinachepetsa ngozi zochitika posintha kanjira ndi 14 pa 100 iliyonse, ndipo ngozi zotere zovulaza anthu zinachepa ndi 23 pa 100. Chaka chotsatira bungwe lomwelo linanena kuti chipangizo chochenjeza za odutsa kumbuyo chinachepetsa ngozi za pobwerera chambuyo ndi 22 pa 100. Anthu amene anapulumuka chifukwa cha ziwerengero zimenezi ndi ambiri ndithu. Komabe wophunzira aliyense amene anakhoza masamu a Fomu 2 aona msanga kuti pochotsa 14 pa 100 pamatsala 86. Ngozi zambiri za posintha kanjira zinachitikabe, kanyali kali pomwepo pa galasi.

Chodetsa nkhawa chinaoneka m'chaka cha 2018, pamene nthambi yofufuza ya bungwe la eni galimoto la AAA, la ku America komweko, inafunsa anthu okhala ndi galimoto zotere. Pafupifupi 80 mwa anthu 100 alionse sankadziwa malire a chipangizocho, kapena ankakhulupirira molakwa kuti chimaona bwino njinga, anthu oyenda pansi ndi galimoto zothamanga kwambiri. Ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi ananena kuti saona vuto kudalira chipangizo chokha, osatembenuka n'komwe.

Kulakwa kwa anthu amenewa kuli pamalo amodzi, ndipo ndi kulakwa kwa kaganizidwe. Munthu wokhala ndi galu wolondera pakhomo amadziwa kuti galu akauwa usiku, kunja kuli kanthu. Koma sanganene kuti popeza galu ali chete, ndiye kuti kunja kulibe wakuba, chifukwa galu amagona, ndipo wakuba wina amadzera kumene mphepo siibweretsa fungo lake. Kanyali ka pa galasi nakonso ndi chimodzimodzi. Kakayaka, kakunena chinthu chimodzi chomveka: musakhote. Kakakhala kozima, kakunena chabe kuti pa nthawi imeneyo sikanaone chinthu cha mtundu umene kanapangidwira kuona, m'dera laling'ono limene kanapatsidwa. Woyendetsa amene wayamba kuwerenga kuzima kwa kanyali ngati chilolezo chokhotera, ameneyo ndiye wayamba kudalira mopitirira.

Dera limenelo ndi laling'onodi. Pa galimoto zambiri za Toyota zoyambirira kukhala ndi BSM, malangizo a kampaniyo amasonyeza kuti chipangizocho chimaona kuchokera pa theka la mita kufika pa mamita atatu ndi theka kuchokera m'mbali mwa galimoto, ndiponso mamita atatu okha kumbuyo kwa bampala. Chimayamba kugwira ntchito galimoto ikapitirira liwiro la makilomita 16 pa ola. Galimoto za m'zaka zaposachedwa, ndiponso za makampani ena monga Mazda, zimaona patali kuposa apa, mpaka mamita 50 kapena 60 kumbuyo, koma m'misewu yathu simungadziwe mtundu umene muli nawo pongoona zilembo za pa batani.

Tiyeni tione chimene mamita atatuwo atanthauza. Tiyerekeze kuti mukuyenda m'kanjira ka kumanzere pa msewu wa Masauko Chipembere kuchokera ku Blantyre kupita ku Limbe, ndipo kutsogolo kwanu minibasi yaima kuti itsitse anthu. Mufuna kulowa m'kanjira ka kumanja. M'kanjirako mukubwera galimoto imene ikuthamanga kuposa inu ndi makilomita 36 pa ola. Kugawa mamita 36,000 ndi masekondi 3,600 a mu ola limodzi kumatipatsa mamita 10, ndiye kuti pa sekondi iliyonse galimotoyo ikudya mamita khumi a mpata umene uli pakati panu. Pamene mukuponya diso pa kanyali, iyo ili mamita 30 kumbuyo. Kanyali ndi kozima, ndipo sikakunama, pakuti m'dera lake mulibe kanthu. Inu muyamba kupotoza chiwongolero. Kusintha kanjira bwinobwino kumatenga masekondi anayi kapena kuposerapo, pamene galimoto ijayo ifunika masekondi atatu okha kuti ikupezeni. Kanyali kadzayaka pamene iyo yatsala ndi mamita atatu, ndiko kuti patatsala gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, theka la galimoto yanu lili kale m'njira yake. Pa nthawi yochepa choncho phazi la munthu silingachoke n'komwe pa mafuta.

Chimene chikadakupulumutsani pamenepa ndi galasi lenilenilo, limene kanyaliko kakhalapo. Galimoto imene ili mamita 30 kumbuyo imaoneka bwino m'galasi, ndipo mukaliyang'ana kawiri, mosiyanitsa ndi sekondi imodzi, muona kuti yakula msanga, chimene chili chizindikiro chakuti ikubwera ndi liwiro. Apa pali msampha umene ine ndimauona kuti ndi woopsa kuposa ina yonse. Popeza kanyali kali pa galasi, mutu wa woyendetsa umatembenukira komweko monga mwa nthawi zonse, ndipo iye amaganiza kuti wayang'ana galasi, chikhalirecho diso lake langofika pa ngodya pamene pali kanyali, osawerenga chithunzi chili m'katimo. Mwini wake sazindikira kuti chizolowezi chasintha, chifukwa khosi likuchitabe zimene linkachita kale.

Tsono pali nkhani ya njinga, imene kwathu kuno ndi yaikulu kuposa kumene galimotozi zinapangidwa. Rada imaona bwino chinthu chachikulu chachitsulo. Njinga yamoto ndi yaing'ono, njinga yakapalasa ndi yaing'ono koposa, ndipo thupi la munthu silibweza mafunde mwamphamvu. Malangizo a Toyota a galimoto zimene tatchulazi amanena poyera kuti chipangizocho sichinapangidwe kuti chiziona njinga zamoto zing'onozing'ono, njinga zakapalasa ndi anthu oyenda pansi. A AAA atayesa m'chaka cha 2014, anapeza kuti njinga zamoto zinkaonedwa mochedwa ndi 26 pa 100 poyerekeza ndi galimoto. Onjezani pamenepa khalidwe la akabaza a m'matauni athu, amene amadzera kumanzere kwanu, pakati pa galimoto ndi ngalande, akukhudza pafupifupi chitseko. Malo amenewo ali m'kati mwa theka la mita lija limene chipangizo sichiwerengera. Ndiponso amachita zimenezi makamaka pa mzere wa galimoto madzulo, pamene inu mukukwawa ndi liwiro losafika makilomita 16, chipangizo chili m'tulo. Munthu wokhotera kumanzere pa mphambano ya mu Limbe kapena pafupi ndi msika wa ku Lilongwe alibe mthandizi wina koma galasi la kumanzere ndi khosi lake.

Kunena zoona, pa misewu yathu yambiri, monga mbali yaikulu ya M1 imene ili ndi kanjira kamodzi kopita ndi kamodzi kobwera, kanyali aka kali ndi ntchito yochepa. Sikaona galimoto yobwera kutsogolo, imene ndiyo imapha anthu popitirira. Sikawerengera galimoto imene ili m'mbuyo mwanu m'kanjira kanu komwe, ngakhale kuti imeneyo ikhoza kutuluka kuti ikupitirireni pa nthawi yomwe inu mwaganiza zopitirira lole.

Tibwere ku chipangizo chachiwiri. Mwaimika galimoto pa sitolo, mphuno italoza ku khonde, ndipo potuluka muyenera kubwerera chambuyo kulowa m'njira imene ena akudutsa. Pa galimoto za Toyota zomwe zija, RCTA imagwira ntchito ngati inu mukubwerera ndi liwiro losapitirira makilomita 8 pa ola, ndipo imachenjeza za galimoto yodutsa ndi liwiro la pakati pa makilomita 8 ndi 28 pa ola. Ikabwera ndi liwiro la 28, belu limalira iyo ili pa mtunda wa mamita 20. Ikabwera ndi liwiro la 8, limalira iyo ili pa mamita asanu ndi theka. Ziwerengerozi zimaoneka zosiyana, koma mukaziwerengera mupeza kuti zikunena chinthu chimodzi. Makilomita 28 pa ola ndi pafupifupi mamita 8 pa sekondi, ndipo mamita 20 amatha m'masekondi awiri ndi theka. Makilomita 8 pa ola ndi mamita awiri ndi pang'ono pa sekondi, ndipo mamita asanu ndi theka amathanso m'masekondi awiri ndi theka. Mphatso yonse ya chipangizochi ndi imeneyo: masekondi awiri ndi theka. Pa nthawi imeneyi, sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka imapita pa kumva belu, kuzindikira tanthauzo lake ndi kuponda buleki. Yotsalayo ndi yokwana ngati mukubwerera pang'onopang'ono phazi lili kale pa buleki, koma ndi yosakwana ngati mwaponda mafuta.

Zonsezi zili choncho pamene m'mbali mwanu muli poyera. Tsono tiyerekeze kuti pambali panu paima minibasi kapena lole yaing'ono yotalika kuposa galimoto yanu. Mafunde a rada sadutsa chitsulo. Kabokosi ka mbali imeneyo kakuyang'ana thupi la minibasi monga munthu woyang'ana khoma, ndipo kamangoona kampata kamene kali kuseri kwa mchira wake. Ngati galimoto yodutsa iyamba kuoneka itatsala ndi mamita 8, masekondi awiri ndi theka aja asanduka sekondi imodzi, imene ikutha musanaponde buleki. Choncho chipangizochi chimafooka kwambiri pamalo pomwe munthu akuchifuna koposa, pamene maso ake nawonso atsekeredwa. A AAA anayesa zimenezi m'chaka cha 2015 poimika galimoto pakati pa galimoto ziwiri zikuluzikulu. Zipangizozo zinalephera kuona galimoto yodutsa maulendo 30 pa 100, njinga yakapalasa maulendo 40, njinga yamoto maulendo 48, ndipo munthu woyenda pansi maulendo 60. Za munthu woyenda pansi siziyenera kutidabwitsa, popeza si zipangizo zonse zimene zinapangidwira kuona anthu. Mayi wosenza dengu amayenda makilomita anayi kapena asanu pa ola, liwiro losafika pa 8 pamene chipangizo cha mtundu uja chimayambira. Mwana wothamangira mpira pabwalo la sukulu ndi wamfupi, ndipo angakhale ali kale kumbuyo kwenikweni kwa bampala, kumene timabokosi toyang'ana m'mbali sitiona.

Nanga tichite bwanji? Nkhani yagona pa ndondomeko, ndiko kuti chiyambe ndi chiyani, chitsirize ndi chiyani. Posintha kanjira, yambani ndi galasi la m'kati, kenaka la m'mbali, ndipo dzifunseni mumtima kuti mwaonamo chiyani, galimoto yoyera kodi kapena msewu wopanda kanthu. Funso laling'onoli ndilo limakakamiza diso kuwerenga chithunzi. Mukatero yatsani indiketa masekondi atatu musanakhote. M'galimoto zambiri kanyali kamaphethira, mwinanso belu kulira, pokhapokha indiketa ikayaka, motero wosayatsa indiketa wadzimana theka la chenjezo. Kenaka tembenuzani mutu mpaka chibwano chiloze phewa, kwa kanthawi kochepa chabe, pakuti kutsogolo nakonso kukuyenda. Kanyali kabwere pomalizira, ndipo mphamvu yake ikhale yoletsa basi. Maso akati inde, kanyali n'kuti ayi, mverani kanyali, chifukwa mwina kaona chimene inu mwaphonya. Maso akati ayi, kanyali kali chete, mverani maso.

Pobwerera chambuyo, yang'anani kumbuyo kwa galimoto musanalowemo. Tsitsani mawindo ndi kuchepetsa wailesi, popeza njinga yamoto imamveka isanaoneke. Bwererani theka la mita, imani, yang'anani mbali zonse, bwereraninso theka lina. Kuima kumeneku kumatulutsa ngodya za bampala kuseri kwa minibasi kuti timabokosi tione njira, ndiponso kumapatsa odutsawo mpata woona nyali zanu. Koma njira yoposa zonse ndi kulowa chambuyo pofika, kuti potuluka mudzatuluke chakutsogolo. Pofika mumakhala mutaona malo onse ndi maso, ndipo mukubwerera m'malo mopanda odutsa. Madalaivala akale a malole ankachita zimenezi zipangizozi zisanabwere.

Magalasi nawonso ali ndi kakonzedwe kake. Ambiri amawatchera kuti azionetsa mbali yaikulu ya galimoto yawo yomwe, ngati kuti ikhoza kuthawa. M'chaka cha 1995, katswiri wina wa ku America, George Platzer, analongosola njira yochepetsera malo obisika. Mutakhala pa mpando wa woyendetsa, umene kwathu kuno uli kumanja, tsamiritsani mutu pa windo la kumanja, ndipo tembenuzirani galasi la kumanja kunja mpaka mbali ya galimoto yanu itangotsala pang'ono kusowa. Kenaka pendekerani pakati pa galimoto, muchite chimodzimodzi ndi galasi la kumanzere. Mukakhala bwino, galimoto yokupitirirani iyenera kuoneka m'galasi la m'mbali isanasowe m'galasi la m'kati, ndi kuoneka m'ngodya ya diso isanasowe m'galasi la m'mbali. Ine ndingalangize kuti galasi la kumanzere musalitulutse kufika pamapeto penipeni, chifukwa cha akabaza oyenda mokhudza chitseko aja. Platzer sankaganiza za msewu wa ku Ndirande.

Chotsala ndi kudziwa ngati chipangizo chanu chili moyo. M'galimoto zambiri, tinyali tonse tiwiri timayaka kwa kanthawi pamene mwaliza injini kapena mwayatsa chipangizocho, kenaka n'kuzima. Ngati kamodzi sikayaka, musakadalirenso mpaka kataonedwa. Onaninso ngati wina sanazimitse chipangizo chonse pa batani, pakuti chozimitsidwa ndi chimene sichikuona kanthu zimaoneka chimodzimodzi pa galasi. Matope okhuthala a nyengo ya dzinja akamata ngodya za bampala, kapena mvula ikagwa yamphamvu, mafunde amafooka. Nthawi zina galimoto imalemba uthenga wochenjeza, koma pa galimoto zochokera ku Japan uthengawo umabwera m'Chijapani, ndipo ambiri amangouzolowera. Safunsa anadya phula: ujambuleni pa foni, mukafunse makanika wodziwa. Wokoka ngolo kumbuyo adziwenso kuti ngoloyo imasokoneza zipangizo zonse ziwiri.

Vuto lobisika koposa limabwera pambuyo pa kugundidwa. Bampala ikagundidwa pa ngodya, kachitsulo kogwira kabokosi kaja kakhoza kupindika pang'ono, ndipo kupindika kochepa pa bampala kumasanduka mamita angapo patali. Wowongola galimoto akhoza kukonza bampala n'kuoneka ngati yatsopano, atamata phala lokhuthala ndi penti wambiri pamalo pomwe mafunde amadutsa, osadziwa kuti kuseri kuli kabokosi. Ngakhale chomata chokongoletsa chikhoza kutchinga pamenepo. Zikatero, galimoto siingalembe uthenga uliwonse nthawi zina. Zizindikiro zake ndi izi: kanyali koyaka popanda chodutsa, kapena koyaka mochedwa mbali imodzi kusiyana ndi inzake. Mungathe kuyesa nokha pa msewu wa tinjira tiwiri, tsiku lopanda galimoto zambiri. Yendani ndi liwiro lokhazikika m'kanjira ka kumanzere, mnzanu atakhala pambali kuti aziyang'ana, ndipo onani pamene galimoto yokupitirirani yafika pa nthawi imene kanyali ka kumanja kayaka. Pambuyo pake pitirirani galimoto ina pang'onopang'ono kuti muone ka kumanzere. Kuyesaku kudzakuuzaninso ngati chipangizo chanu ndi cha mamita atatu kapena choona patali. Mbali ziwirizo zikasiyana kwambiri, kabokosi kafunika kutcheredwanso ndi makina oyezera, ntchito imene si galaja iliyonse ingaithe, ndipo ndi bwino kufunsa za makinawo musanasiye makiyi.